Vomera Kaye, Kenako Unene "Koma": Kutsutsa Mwaulemu m'Chifalansa

Mwana wa kwathu akamva munthu wamkulu akunena zimene iye sakugwirizana nazo, nthawi zambiri amangoweramitsa mutu, n'kuyankha kuti "chabwino", nkhani n'kuthera pomwepo. Umenewo ndiwo ulemu umene tinakula nawo, ndipo uli ndi malo ake. Koma mwana yemweyo akalowa m'kalasi momwe anthu akukambirana m'Chifalansa, amapeza kuti kukhala chete kuja sikukumupindulira kanthu. Mphunzitsi amamuyang'ana n'kufunsa kuti *Et vous, qu'en pensez-vous ?*, kutanthauza kuti, "Nanga inu mukuganiza bwanji?" Akangomwetulira osayankha, mphunzitsi saona ulemu. Amaona munthu amene sanamve funso, kapena amene sanakonzekere.

Wophunzira wina amagwera mbali inayo. Wamva kuti Afalansa amakonda mtsutso, ndiye amangolasa kuti *Vous avez tort*, "mwalakwa". Kalasi yonse imati zii. Galamala yake ilibe vuto, koma mawuwo agwera pa munthu m'malo mogwera pa mfundo.

Pakati pa awiriwa pali njira imene Afalansa amaphunzitsa ana awo kusukulu. Ulemu wa pa mtsutso wa Chifalansa sukhala m'kubisa maganizo. Umakhala m'kamangidwe ka chiganizo: uyambe wasonyeza kuti wamva mnzako, utsutse mfundo yake osati iyeyo, kenako upereke chifukwa.

Kumene khalidweli limachokera

Ku Falansa, ophunzira ambiri a m'chaka chomaliza cha sekondale amaphunzira filosofi, phunziro la kusinkhasinkha mozama, ndipo amalemba mayeso ake. Chimangirizo chotchuka cha kumeneko chimamangidwa pa nsanamira zitatu, *thèse*, *antithèse* ndi *synthèse*: mfundo, mfundo yoitsutsa, kenako ganizo lotuluka munthu akaziyeza ziwirizo. Mwana amene wazolowera kulemba motere amakula akudziwa kuti ganizo limene silinatsutsidwe silinayesedwe. Kuyambira mu 2021, mayeso otsiriza sekondale alinso ndi gawo lolankhula lotchedwa *grand oral*, pomwe wophunzira amafotokoza nkhani pamaso pa oyesa, iwo n'kumamufunsa mafunso. Ngakhale kunja kwa sukulu, mu 1992 katswiri wa filosofi Marc Sautet anayambitsa zokambirana za aliyense pa malo omwera khofi a Café des Phares mumzinda wa Parisi, pomwe anthu osadziwana ankakumana Lamlungu m'mawa kudzasinthana maganizo pa mutu umodzi.

Choncho Mfalansa akakutsutsa pagulu, kawirikawiri sikuti wakuda. Ndiye kuti mfundo yako waitenga ngati yoyenera kuiyankha.

Zimenezi zimakhudzanso Mmalawi kapena Mzambiya amene akufuna satifiketi ya DELF, imene boma la Falansa limapereka kwa anthu a m'mayiko ena ophunzira Chifalansa. Pa mulingo wa B2, woyesedwa amapatsidwa kankhani kakafupi ndi mphindi 30 zokonzekera. Akatero amakhala ndi oyesa kwa mphindi pafupifupi 20, kuyamba ndi kufotokoza maganizo ake, kenako n'kuwateteza. Woyesa amatha kutsutsa dala, ngakhale mumtima akugwirizana nawe, kuti aone ngati ungaime pa mfundo yako popanda kukalipa kapena kugonja msanga. Gawo lolankhulali lili ndi malikisi 25 mwa 100, ndipo wopeza ochepera 5 walephera mayeso onse, ngakhale atakhoza bwino magawo enawo.

Iwe kapena inu

Munthu asanatsegule pakamwa ayenera kusankha pakati pa *tu* ndi *vous*. Apa ife olankhula Chichewa tili ndi mwayi, chifukwa *tu* ndi "iwe" ndipo *vous* ndi "inu", ndipo monga kwathu, *vous* amagwira ntchito ziwiri: kunena anthu ambiri, komanso kulemekeza munthu mmodzi. Kwa mphunzitsi ndi *vous* nthawi zonse, pamodzi ndi *Madame* kapena *Monsieur*. Kwa mnzako wa m'kalasi ndi *tu*.

Koma malire ake sali pamalo amodzi ndi athu. Mwana wa Chifalansa amati *tu* kwa amayi ake, abambo ake ngakhale agogo ake, zimene kwathu zingakhale mwano wosaneneka. Kwa iwo *tu* amasonyeza kuyandikana, pomwe *vous* amasonyeza kuti pakati pa anthu awiri pali kamtunda. N'chifukwa chake wophunzira amene amati *vous* kwa anzake a msinkhu wake amamveka ngati akudzipatula. Pagulu la akuluakulu osadziwana, yambani ndi *vous*, ndipo mudikire kuti wina anene kuti *On peut se tutoyer ?*, "Kodi tingamatchulane kuti iwe?" Kawirikawiri amayambitsa zimenezi ndi wamkulu pa msinkhu kapena pa udindo.

Kuika ganizo lako poyera

Mawu oyambira si ambiri. *À mon avis* ndi "m'maganizo mwanga". *Je pense que* ndi "ndikuganiza kuti". *Je trouve que* ndi "ndikuona kuti", ndipo amayenera pomwe ukunena za chinthu chimene wachiona kapena kuchilawa wekha, monga buku limene wawerenga. *Il me semble que*, "zikuoneka kwa ine kuti", ndi ofewa kuposa onsewa, ndipo amasiya khomo lotsegula kuti wina akuwongolere. Sankhani amodzi. Kunena kuti *À mon avis, je pense que* ndi kubwereza chinthu chimodzi kawiri, ndipo aphunzitsi ambiri amakudula pomwepo.

Chachikulu ndi chimene chimabwera pambuyo pake. Ganizo lopanda chifukwa, m'kalasi ya Chifalansa, lili ngati nsima yopanda ndiwo. Ukangoti "ndikuganiza kuti n'zoipa" n'kukhala pansi, funso la *Pourquoi ?*, "chifukwa chiyani?", likubwera. Ndi bwino kuliyankha lisanafunsidwe, poika *parce que*, "chifukwa", kenako *par exemple*, "mwachitsanzo". Ganizo, chifukwa, chitsanzo: zitatu zimenezi zikakwana, walankhula.

Pali mawu amodzi amene amapusitsa ambiri. *Sans doute* amaoneka ngati akutanthauza "mosakayika", koma m'Chifalansa cha masiku ano amatanthauza kuti "n'kutheka ndithu". Munthu akakuyankha kuti *Vous avez sans doute raison*, wakuvomera koma wasunga kachikayiko. Wotsimikiza kwenikweni amati *sans aucun doute*.

Inde amene amasanduka ayi

Kuvomera kumaoneka kosavuta, koma ndi pamene olankhula Chichewa amapunthwa kwambiri. Mawu ake ndi *Je suis d'accord avec vous*, "ndikugwirizana nanu". Wofuna kutsindika amati *Tout à fait* kapena *Absolument*, ngati mmene timanenera kuti "ndithudi" kapena "zoonadi". *Vous avez raison* ndi "mukunena zoona". Koma *d'accord* yekhayekha, wonenedwa mofulumira, nthawi zambiri amangofanana ndi "chabwino" wathu uja, kuti ndamva, pitirizani. Musamuwerengere ngati voti.

Msampha weniweni uli pa funso lokana. Kwathu munthu akafunsa kuti "Simunadye?", amene sanadye amayankha kuti "Ee, sindinadye." Timavomera chiganizo cha wofunsayo. Afalansa satero. Mphunzitsi akafunsa kuti *Vous n'êtes pas d'accord ?*, "Simukugwirizana nazo?", amene sakugwirizana nazo amayankha kuti *Non*. Amene akugwirizana nazo sayankha *oui*, koma mawu ena achitatu, *si*, amene ntchito yake ndi kugwetsa kukana kumene kuli m'funsomo. Wophunzira akayankha *oui* poganiza m'Chichewa, mphunzitsi amasowa mbali imene waima, ndipo amabwerezanso funso. Mukaona nkhope ya wofunsa yachita makwinya mutangoyankha *oui*, dziwani kuti mwaponda pamenepa. Mankhwala ake ndi kumaliza chiganizo chonse: *Si, je suis d'accord*, kapena *Non, je ne suis pas d'accord*.

Chimodzimodzi ndi "inenso". Mnzako akati akukonda chinthu, iwe umati *moi aussi*. Koma akati sakuchikonda, ndipo iwenso sukuchikonda, uyenera kunena kuti *moi non plus*. Chichewa chimagwiritsa ntchito "inenso" mbali zonse ziwiri, ndiye lilime limathamangira ku *moi aussi* ngakhale pomwe sipoyenera.

Zipangizo zitatu zofewetsera kutsutsa

Choyamba ndi kuchepetsa. *Je ne suis pas d'accord* si mwano, koma ndi mawu owuma. Ukaikapo *tout à fait*, chiganizo chimakhala *Je ne suis pas tout à fait d'accord*, "sindikugwirizana nazo kwathunthu". Ukawonjezera *sur ce point*, "pa mfundo iyi", wasonyeza kuti mkangano uli pa kachigawo kamodzi, osati pa zonse zimene munthuyo wanena. Samalani kuti musasokoneze *pas tout à fait* ndi *pas du tout*. Amamveka ngati apachibale, koma oyambawo ndi "osati kwenikweni", pomwe achiwiriwo ndi "ngakhale pang'ono".

Chachiwiri ndi kusintha mneni kuti asamveke ngati lamulo. Monga ife timasiyanitsa "ndikufuna" ndi "ndikadakonda", iwonso amasiyanitsa *je veux* ndi *je voudrais*. Momwemonso *je dis*, "ndikunena", amasanduka *je dirais plutôt que*, "ine ndikadati". Mfundo sinasinthe, koma yafika mogogoda pakhomo.

Chachitatu, chimene chili mtima wa nkhani yonseyi, ndi kuvomera kaye. Chiganizo chimayamba ndi *certes* kapena *c'est vrai que*, "n'zoona kuti", chimatchula chimene mnzako wanena bwino, kenako chimakhota ndi *mais*, "koma", kapena *cependant*, "komabe". Mfalansa akangomva *certes*, amadziwiratu kuti *mais* ali m'njira, ndipo sakhumudwa, chifukwa waona kuti mfundo yake yamveka isanatsutsidwe. Chofunika n'chakuti chimene ukuvomeracho chikhale chenicheni. *Oui, mais* wongothamangira, wopanda kutchula chimene wavomera, aliyense amamuzindikira kuti ndi "ayi" wovala jekete.

Pali kagalamala kamodzi kamene kamayenda ndi kutsutsa. Ukati *Je pense que c'est utile*, "ndikuganiza kuti n'chothandiza", mneni ndi *est*. Koma ukakana, m'Chifalansa chosamalidwa mneniyo amasintha: *Je ne pense pas que ce soit utile*. Mtundu uwu wa mneni Afalansa amautcha *subjonctif*, ndipo umasonyeza kuti wolankhula sakuitenga nkhaniyo ngati yotsimikizika. Si chinthu chachilendo kwa ife, popeza nafenso timasiyanitsa "apita" ndi "apite", ngakhale kuti malo amene timatero si ofanana ndi awo. Oyesa a B2 amatchera khutu pamenepa. Woyamba kumene angaloweze atatu okha amene amabwerabwera pa mtsutso: *soit* wochokera ku "kukhala", *ait* wochokera ku "kukhala ndi", ndi *puisse* wochokera ku "kutha".

Mtsutso wa mafoni

Tiyeni tione zonsezi zikugwira ntchito. Mu 2018 dziko la Falansa linakhazikitsa lamulo loletsa ana kugwiritsa ntchito mafoni m'sukulu za pulayimale ndi za *collège*, zomwe amaphunzirako ana a zaka zapakati pa 11 ndi 15. Nkhani ngati imeneyi aphunzitsi a Chifalansa amaikonda, chifukwa aliyense ali ndi chonena. Tiyerekeze kuti mphunzitsi wamayi walemba pabolodi funso lakuti, kodi mafoni aletsedwe kusukulu?

Mnyamata wina akukweza dzanja n'kuyamba: *À mon avis, il faut interdire le téléphone, parce que les élèves n'écoutent plus le professeur.* Akuti foni iletsedwe chifukwa ophunzira sakumveranso mphunzitsi. Wapereka ganizo ndi chifukwa. Chitsanzo sanapereke, ndipo pamenepo wasiya mpata.

Mtsikana amene wakhala pafupi ndi zenera sakugwirizana nazo. Akanatha kunena kuti *N'importe quoi !*, "zamkutu!", mawu amene achinyamata amaponyerana pabwalo la masewero, koma m'kalasi akanamudzudzula. M'malo mwake akuti: *Je vois ce que tu veux dire. C'est vrai que le téléphone dérange en classe, mais il sert aussi de dictionnaire.* Wanena kuti akuona chimene mnzakeyo akutanthauza, wavomera kuti foni imasokonezadi m'kalasi, kenako waonjezera kuti imagwiranso ntchito ngati dikishonale. Taonani kuti wagwiritsa ntchito *tu*, popeza ndi mnzake, ndipo m'chiganizo chotsutsacho mwini nkhani ndi foni, osati mnyamatayo.

Mnyamata uja wapsa mtima pang'ono, ndipo akulowerera mtsikanayo asanamalize. Pa macheza a Afalansa kulowererana m'kamwa kumachitika kwambiri ndipo sikuti nthawi zonse ndi mwano, koma wodulidwayo ali ndi ufulu woteteza nthawi yake. Mtsikanayo akuti, mosakweza mawu: *Laisse-moi finir, s'il te plaît*, "ndilole ndimalize". Akanakhala kuti akulankhula ndi munthu wa *vous*, akanati *Laissez-moi finir, s'il vous plaît*. Mnyamatayo akuti *Pardon*, n'kudikira.

Tsopano mphunzitsi akulowapo, ndipo akutsutsa dala. Akuuza mtsikanayo kuti laibulale ya sukulu ili ndi madikishonale, ndiye foni ilibe ntchito, n'kumaliza ndi funso loti *Vous n'êtes pas d'accord ?* Apa pali misampha iwiri nthawi imodzi: funso lokana, ndi munthu wamkulu. Mtsikanayo akangoti *oui* chifukwa cha ulemu, wataya mfundo yake ndipo sanamvekenso. Iye akuyamba ndi kubwereza zimene wamva: *Si j'ai bien compris, Madame, vous dites que le dictionnaire suffit.* "Ngati ndamva bwino, mukunena kuti dikishonale ndi yokwanira." Chiganizo chimenechi chili ndi phindu pawiri. Chimamupatsa kamphindi koganiza, komanso chimapatsa mphunzitsi mpata wokonza ngati sanamvedwe bwino. Kenako akupitiriza: *Je ne suis pas tout à fait d'accord. Je ne pense pas qu'un livre puisse remplacer le son : avec le téléphone, j'entends la prononciation.* Akuti sakuganiza kuti buku lingalowe m'malo mwa mawu omveka, chifukwa pa foni amamva katchulidwe ka mawu. Wachepetsa ndi *pas tout à fait*, waika *puisse* pamalo pake, ndipo wabweretsa chifukwa chatsopano m'malo mobwereza chakale mokweza.

Mnyamata uja akuganiza kaye, n'kunena kuti *Je n'y avais pas pensé*, "zimenezo sindinaziganizire". Kenako akupereka ganizo lapakati: foni izikhala m'chikwama, ndipo izituluka pokhapokha mphunzitsi akalola. Imeneyo ndiyo *synthèse* ija. Sanagonje, ndipo palibe amene wamuseka. Wasuntha chifukwa wamva chifukwa chabwino. Kusuntha chifukwa choti wotsutsayo ndi wamkulu, kapena chifukwa choti wakweza mawu, n'kumene oyesa amakuona ngati kufooka.

Pomwe ulemu umapitirira muyeso

Zipangizo zofewetserazi zili ndi malire. Wophunzira wina amaziunjika zonse m'chiganizo chimodzi: apepese, anene kuti mwina akulakwitsa, anene kuti sakudziwa bwino, apepesenso, mpaka mfundo imamira. Kwathu kuzungulira kotere kumatha kukhala nzeru, makamaka pabwalo la milandu kapena pokambirana za ukwati, pomwe mwambi umanena zimene pakamwa sipangatchule. M'kalasi ya Chifalansa omvera amayembekeza kuti pofika kumapeto kwa chiganizo chachiwiri adziwe mbali imene waima. Chizindikiro chakuti wazungulira kwambiri ndi funso loti *Donc, vous êtes pour ou contre ?*, "Ndiye muli mbali yovomera kapena yokana?" Chofewetsera chimodzi kapena ziwiri pa mfundo imodzi n'zokwanira.

Kupepesa nakonso kuli ndi malo ake. *Excusez-moi de vous interrompre*, "pepani kuti ndakudulani", ndi koyenera ukamalowerera wina akulankhula. Koma kukhala ndi ganizo losiyana si mlandu wofuna kupepesa.

Tikumbukirenso kuti Chifalansa si cha ku Falansa kokha. Chimalankhulidwa ku Kongo, ku Burundi, ku Senegal, ku Belgium, ku Quebec ndi kwina, ndipo ngakhale kuno kwathu chimamveka ku Dzaleka m'boma la Dowa. Mawu ndi omwewo, koma mlingo wa kulunjika umasiyana malinga ndi malo. Mmene wophunzira wa ku Parisi angatsutsire mphunzitsi wake si mmene wachinyamata wa ku Lubumbashi angayankhire mkulu wa kumpingo. Mukafika pagulu latsopano, mverani kaye kwa mphindi zingapo: ndani akuti *tu* kwa ndani, ndipo anthu akudulana kapena akudikirana?

Wofuna kuyeserera asayambe ndi kuloweza mndandanda wautali wa mawu. Apeze mnzake mmodzi, asankhe funso limodzi, monga lakuti yunifolomu ya sukulu ithetsedwe kapena ayi, ndipo agwirizane lamulo limodzi: palibe wololedwa kunena *mais* asanatchule, m'mawu akeake, chinthu chimodzi choona chimene mnzakeyo wanena. Pakatha mphindi zisanu asinthane mbali, wovomera akhale wokana. Poyamba zimavuta, chifukwa munthu amazindikira kuti nthawi yonse imene mnzake amalankhula, iye amangokonza yankho lake osamvetsera. Pamenepo m'pamene amaona kuti *c'est vrai que* sanganenedwe ndi munthu amene makutu ake anali otseka.